Tambala wa m'kope la malume

Malume anga atamwalira anandisiyira zinthu ziwiri, wailesi yomwe sinkalira ndi kope lachikuto chofiira lomwe mphemvu zinali zitadya m'mphepete. M'kopemo munali maakaunti a fodya, mayina a anthu amene anawakongola mbewu, ndiponso ndakatulo zingapo zolembedwa ndi pensulo. Imodzi inalibe mutu, koma pansi pake analembapo chaka, 1976. Nayi monga momwe ilili, ine ndangoika manambala:

1 Wakalamba tambala ndidasungira mlendo,
2 Tsumba lagwera kumodzi, mpeni wachita dzimbiri.
3 Ya Wenela idadutsa, mthunzi wake pabwalo,
4 Idanyamula khasu, mpini n'kundisiyira.
5 Pa mtengo tidapangana paja pamera nansongole,
6 Chikwatu chotsiriza ndamasula dzulo.
7 Obwera adabwera, masutikesi pamitu,
8 Adandipatsa moni maso ali ku zala.
9 Mlendo ndi mame, adatero akale,
10 Wanga adakamuka dzuwa lisanatuluke.
11 Kukacha lira ndithu, usandiope ine,
12 Moyo wako ndi kuchedwa kwake.

Nditangowerenga mzere woyamba ndinadumpha. Tambala wokalamba, chaka cha 1976, kope lobisidwa pansi pa sutikesi: ndinati basi, malume ankanena Kamuzu ndi chipani chake cha tambala wakuda. Sizinali zopusa kuganiza choncho. Ife amene tinaphunzira ndakatulo za nthawi imeneyo tinakula tikudziwa kuti alakatuli ankabisa mawu, chifukwa kunali bungwe lounika zolembedwa kuyambira 1968, ndipo Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Choncho tikaona bilimankhwe, tambala kapena mbandakucha m'ndakatulo, maso amathamangira ku ndale. Ndinaitenga ndakatuloyo n'kupita nayo m'kalasi mwanga mwa Fomu 3, ndili wonyada, ndipo kwa mphindi makumi awiri ndinawauza ana za mpeni wadzimbiri womwe ndi mantha a anthu, za tsumba lomwe ndi ulamuliro wopendekeka.

Mtsikana wina wokhala kumbuyo anakweza mkono. "Aphunzitsi, nanga chikwatucho ndi chipani chiti?"

Anzake anaseka. Iye sankaseka, ankafunsadi. Ndipo ine ndinalibe yankho, chifukwa mzere 6 ndinali nditangouwoloka ngati munthu wolumpha ngalande. Kunena zoona, pa mizere khumi ndi iwiri ndinali nditawerenga itatu, ina yonseyo ndinangoiyang'ana.

Kuyambira tsiku limenelo sindilola mwana, kapena ine ndemwe, kunena chimene ndakatulo "ikutanthauza" asanayambe wanena chimene ikunena. Ntchito imeneyi ndimaitchula kuyala, monga momwe timayalira mphale pamphasa kuti chilichonse chioneke, gaga ndi timiyala tomwe. Kuyala ndi kutenga mzere uliwonse n'kuulembanso m'Chichewa cha tsiku ndi tsiku, chomwe mungauzire mnzanu pachitsime, osachotsapo kanthu ndiponso osaonjezapo kanthu. Si chidule ayi. Chidule chimafupikitsa, pamene kuyala kumatalikitsa. Zanga nthawi zambiri zimatuluka zotalika kuwirikiza kawiri kuposa ndakatuloyo, chifukwa mlakatuli amameza mawu ambiri ndipo ine ndiyenera kuwabweza.

Zida zake n'zosavuta. Ndimakopera ndakatulo ndi dzanja kumanzere kwa pepala, n'kusiya mizere itatu yopanda kanthu pansi pa mzere uliwonse. Kukopera ndi dzanja kumathandiza kuposa momwe anthu amaganizira, poti dzanja silidumpha mawu monga amachitira maso. Kenako ndimaiwerenga mokweza kawiri. Ndikatero ndimafunafuna pomwe chiganizo chathera, chifukwa mzere ndi chiganizo ndi zinthu ziwiri zosiyana: chiganizo china chimatenga mizere itatu, mzere wina umanyamula ziganizo ziwiri. M'chiganizo chilichonse ndimayamba ndapeza mneni, kenako n'kufunsa kuti wachita zimenezi ndani, ndipo wachitira yani. Pamphepete ndimasiya malo olembapo mafunso. Malingaliro onse okoma amene amabwera m'mutu, a Kamuzu ndi ena otero, ndimawalemba kuseri kwa pepala kuti adikire nthawi yawo.

Tiyeni tiiyale ya malumeyi.

Mzere 1 uli ndi msampha pa liwu loyamba lenileni. Ine ndinawerenga "wokalamba", koma pakopepo palembedwa "wakalamba". Kusiyana kwake ndi lemba limodzi, koma si kochepa. "Tambala wokalamba" ndi kungofotokoza mtundu wa tambala. "Wakalamba tambala" ndi mneni, ndi nkhani ya chinthu chimene chachitika wolankhulayo akuona: anali wanthete, tsopano wakalamba. Mlakatuli waika mneni patsogolo, mwininkhani pambuyo, ndiponso wameza liwu loti "amene". Tikabweza zonse m'malo mwake tipeza izi: Tambala amene ndinasungira mlendo wakalamba. Onani kuti pali kale anthu awiri ndi nkhuku imodzi. Pali "ndi-" wolankhula, pali mlendo, pali tambala. Ndipo tambalayu ali ndi mwini wake, amene anamusunga ndi cholinga. Liwu loti tambala m'chaka cha 1976 likanatha kukhala nkhuku, chizindikiro cha chipani, kapena ndalama yachitsulo, poti kwacha ndi tambala zinali zitalowa m'malo mwa mapaundi ndi mashereni mu 1971. Poyala sitisankha mwa kukonda kwathu, timafunsa aneni. Ndalama imasungidwa koma siikalamba, ndipo ilibe tsumba. Choncho pamwamba pa pepala ndilemba nkhuku.

Mzere 2 ndi ziganizo ziwiri zogundanitsidwa popanda mlumikizi. Tsumba lake lapendekera mbali imodzi. Mpeni wachita dzimbiri. Apa dzanja limayabwa kufuna kulemba kuti "mpeni womuphera", ndipo mwina ndi zoona, koma mzerewo sunatero. Njira yanga ndi yakuti chimene ndaonjeza ndekha ndimachilemba ndi pensulo, zina zonse ndi bolopeni. Ndiye "womuphera" amalowa ndi pensulo, ndipo amadikira kuti mizere yakutsogolo imuvomereze kapena imukane. Ngakhale "lake" wa pa tsumba ndi wa pensulo, ngakhale kuti palibe angatsutse.

Mzere 3 ndi pamene Chichewa chimatithandiza kuposa momwe zilankhulo zina zingathandizire. "Ya Wenela idadutsa." Chiyani cha Wenela? Dzina lamezedwa, koma lasiya mapazi ake. "Ya" ndi "i-" akutiuza gulu la dzinalo: silingakhale khasu, lomwe likanati "la" ndi "li-", silingakhale munthu, yemwe akanati "wa" ndi "a-". Liyenera kukhala dzina longa ndege, basi, sitima, galimoto kapena kalata. Agwirizanitsi amenewa ndiwo mboni zodalirika kwambiri m'ndakatulo ya Chichewa, ndipo ana ambiri amawaphunzira pa phunziro la malamulo a chiyankhulo n'kuwaiwala akafika pa ndakatulo, ngati kuti ndi maphunziro a m'mayiko awiri. Tatsala ndi mayina asanu. Chotsatira ndi "mthunzi wake pabwalo". Basi siiponya mthunzi pabwalo la m'mudzi pokhapokha italowa m'mudzimo, ndipo kalata ilibe mthunzi woti n'kuutchula. Chodutsa n'kusiya mthunzi pabwalo ndi chouluka.

Apa pakufunika kudziwa kanthu kena kakunja kwa ndakatulo, ndipo n'kololedwa, malinga kakhale kothandiza kumva liwu, osati kolowetsa nkhani yatsopano. Wenela linali bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi ya ku Joni. Amuna ankanyamulidwa pa ndege kupita ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupitirira pa sitima. Dzinalo lidakalipo mpaka lero pa depoti ya mabasi ku Blantyre, ndipo mwana wa masiku ano akawerenga "ya Wenela" amaona basi, mosalakwa konse. Ndiye ndilemba: Ndege ya Wenela inadutsa, mthunzi wake unagwa pabwalo. "Ndege" ndi "unagwa" ndi a pensulo.

Koma pali kena. "Wake" sanena mwini. M'Chichewa "wake" amagwirizana ndi chinthucho, mthunzi, osati ndi mwini wa chinthucho. Ungakhale mthunzi wa ndege, ungakhalenso mthunzi wa mlendo uja, amene anapita koma china chake chidakali pabwalo. Mukapeza malo otere musawatseke. Lembani zonse ziwiri pamphepete, muike chizindikiro cha funso, mupitirire. Kuyala kwabwino kumasunga pokayikitsa pali pokayikitsa. Amene amasankhiratu tanthauzo limodzi pa mzere 3 amadzapezeka akukakamiza mizere isanu ndi inayi yotsalayo kuti imuvomereze.

Mzere 4 ndiwo umagwetsa anthu ambiri, ndipo ndikhalitsapo pang'ono. "Idanyamula khasu, mpini n'kundisiyira." Mgwirizanitsi "i-" akutiuza kuti tidakali ndi ndege ija. Kuyala kwake n'kwachidule: Ndegeyo inanyamula khasu, n'kundisiyira ine mpini wake. Basi. Mwana wanzeru amakana pamenepa. "Koma aphunzitsi, ndege siinganyamule khasu, akunena mwamuna wolima." Mwina. Koma ukangolemba kuti "inatenga mwamuna wanga", wachita zinthu ziwiri zoopsa nthawi imodzi: wataya khasu ndi mpini, zomwe udzazifuna pomasulira, ndipo walowetsa m'ndakatulo mwamuna amene mlakatuli sanamutchule. Fanizo poyala silimasulidwa. Limalembedwa monga lilili, m'chiganizo choongoka, n'kulidula mzere kunsi kuti tidzabwererepo. Chomwe tingachite n'kuonetsetsa kuti tikuchidziwa chinthucho: khasu ndi chitsulo cholimira, mpini ndi mtengo womwe chitsulocho chimalowamo, ndipo mpini wopanda khasu sulima kanthu. Kudziwa zimenezo ndi kuyala. Kunena kuti khasulo ndi uje ndi kumasulira.

Pali mawu ena amene akangotulukira m'kuyala kwanu, dziwani kuti mwaterereka: "kusonyeza kuti", "kutanthauza kuti", "akuimira", "apa mlakatuli akufuna kutiuza". Ndikaona amenewa pa pepala la mwana ndimangowazunguliza osalemba ndemanga, iye amadziwa yekha. Chinanso, poyala timalankhula ndi pakamwa pa wolankhula m'ndakatulo. Iye akati "ndi-", ifenso timati "ndi-". Mukayamba kuti "mlakatuli akuti", mwatuluka kale m'nyumba n'kumasuzumira pazenera, ndipo mwasokoneza wolemba ndi wolankhula. Malume anga sanasungepo tambala wa mlendo aliyense, nkhuku zonse zinali za akazi awo.

Mzere 5 ndi wokoma kwa ife okonda chiyankhulo. "Pa mtengo tidapangana paja." Mtengo wa masamba kapena mtengo wa malonda? Polankhula awiriwa amasiyana kamvekedwe, mawu amakwera mosiyana, koma polemba ndi amodzi chifukwa kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu. Ndipo "kupangana pa mtengo" kumamvekadi ngati za pamsika, makamaka m'ndakatulo yomwe yangotchula kumene anthu olembedwa ntchito. Theka loyamba la mzere silingathetse mlanduwu. Mneni wachiwiri ndiye amauthetsa: "pamera nansongole". "Pa-" ameneyu ndi wa malo, ndipo udzu umamera pamalo. Ndiye: Pa mtengo paja pamene tinapanganirana pamera nansongole. Anapangana chiyani sitinauzidwe, ndipo ndi yani sitinauzidwenso, tangomva "ti-". Nansongole ndi udzu uja wobaya kumapazi, wa mizu yoyenda pansi, umene umalanda munda wosiyidwa ndipo ukaulima umaphukanso. Mwana wa m'tauni amene sanaupondepo ayenera kuuzidwa zimenezi, apo ayi angolemba kuti "pamera maluwa".

Kwa mawu achilendo ndimayamba ndatsegula mtanthauziramawu. Wa Chinyanja wokonzedwa ndi a Centre for Language Studies ku Zomba umathandiza, ndipo pa mawu akalekale pali uja wa Chimang'anja wa David Clement Scott wa 1892, ngati mungaupeze. Koma pa zinthu za kumunda ndi kukhitchini, amayi anga amaposa mabuku onsewo. Chikwatu cha mu mzere 6, chomwe chinandichititsa manyazi m'kalasi, anandifotokozera ndi manja. Nthawi ya dzinja ndiwo zamasamba zikachuluka, amazifutsa n'kuziyanika, chitambe, nkhwani, khwanya, kenako amakulunga mfutsowo m'masamba akuluakulu ngati a msuku, n'kumanga ndi luzi kukhala chimpira, n'kupachika kudenga la khitchini komwe utsi umathamangitsa tizilombo. Chimenecho ndiye chikwatu, ndiwo za m'chilimwe. Kuyala kwake: Dzulo ndamasula phukusi lomaliza la mfutso. Ndinafuna kulemba kuti "njala yafika". Amayi anandikaniza. "Iwe, mfutso kutha si njala, ndi nyengo. Chikwatu chomaliza timamasula mvula ili pafupi." Mukuona, ndikanalowetsa njala m'ndakatulo momwe mwina munali kalendala chabe. Onaninso kuti nthawi yasintha: mizere 3, 4 ndi 5 ili ndi "-da-" wa kalekale, pamene "ndamasula dzulo" watibweretsa pa lero. Poyala ndimasunga nthawi ya mneni aliyense mosamala, chifukwa ndiyo imaonetsa kutalika kwa kudikira.

Mizere 7 ndi 8 siivuta kwambiri. Amene ankabwera anabwera, atasenza masutikesi pamitu. Anandipatsa moni akuyang'ana zala. "Masutikesi" ndi "mitu" akutsimikiza kuti "a-" wa apa ndi wa anthu ambiri, osati wa ulemu kwa munthu mmodzi, chinthu chimene chimasokoneza m'ndakatulo zambiri za Chichewa. Zala zake ndi za kumanja kapena za kumapazi? Sitinauzidwe. Ndipo musalembe kuti "mwamanyazi" kapena "mwachisoni", ngakhale mtima ukukuuzani choncho, chifukwa mzerewo waonetsa maso okha. Chaka chija cha pansi pa ndakatulo chimagwirizana ndi mizere imeneyi: mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, boma linaimitsa kulemba anthu, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira amuna ambirimbiri anabwerera kumudzi. Zimenezi ndimazilemba kuseri kwa pepala. N'zoona, n'zofunika, koma sizili m'mzere.

Mzere 9 ndi mwambi, ndipo mwambi m'ndakatulo uli ndi kayalidwe kake. Umaulemba wonse monga anthu amaunenera, mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, kenako n'kuona kuti mlakatuli watengako mbali iti ndipo wapotoza pati. Mwambiwo umanenedwa pouza anthu kuti asatope ndi mlendo poti sakhalitsa. Mzere 10 wautembenuza: "Wanga adakamuka dzuwa lisanatuluke." Mame amadikira dzuwa kuti aume, uyu sanadikire n'komwe. Tsono "wanga" ndani? Akanakhala mame akanati "anga". "Wanga" akubwerera kwa mlendo. Ndiye kuyala koona ndi kwakuti: Akale anati mlendo ali ngati mame. Mlendo wanga anauma n'kuchoka dzuwa lisanatuluke. Ana anga pafupifupi onse amalemba "mwamuna wanga" pamenepa. Ndimawauza kuti aloze ndi chala pomwe pali liwu loti mwamuna m'mizere yonse khumi ndi iwiri. Amafufuza, amakwinya nkhope, palibe. Kenako ndimawauza kuti aloze pomwe pakuonetsa kuti wolankhulayo ndi mkazi. Amaloza chikwatu. Chabwino, chikwatu ndi umboni, koma chimamasulidwa ndi mkazi wa munthu, mayi wa munthu, mlongo wa munthu, ngakhale nkhalamba yamwamuna yotsala yokha.

Kuloza ndi chala kumeneku ndiye mayeso anga aakulu. Mukamaliza kuyala, werengani zomwe mwalemba liwu ndi liwu, ndipo pa lililonse chala chipeze kwawo m'ndakatulo. Lopanda kwawo lichoke kapena likhale la pensulo. Mukatero bwererani njira ina: werengani ndakatulo liwu ndi liwu, muone ngati lililonse lafika m'kuyala kwanu. Apa m'pamene timawu ting'onoting'ono timagwidwa titathawa, "paja", "ndithu", "ine". "Paja" wa mu mzere 5 akutiuza kuti malowo ndi odziwika kwa wolankhula ndi womvera, si mtengo wamba. Mukamutaya mwataya chikumbumtima chonse cha mzerewo.

Mzere 11 ukusintha wolankhulidwa popanda kuchenjeza. Mpaka pano wolankhula amatiuza ife, tsopano akulamula wina: "lira", "usandiope". Ndani amalira kukacha? Tambala. Ndiye: Kunja kukacha, iwe tambala, ulire ndithu, usaope ine. "Lira" ndimamusiya momwemo, poti m'Chichewa tambala amalira ndipo wamasiye amaliranso, ndiye ndimangolemba pamphepete kuti liwuli lili pawiri. "Ine" wakumapetoyo ndi wotsindika: ine ndiye usandiope, ngati kuti woopsa ndi wina. Mzere 12 ukumutchula winayo mosamutchula. Uli ndi moyo chifukwa iye wachedwa. "Kwake" alibe wina wobwererako koma mlendo. Ndipo tsopano "womuphera" wa pensulo uja wa mu mzere 2 wavomerezedwa, chifukwa ngati kufika kwa mlendo kuli imfa ya tambala, mpeniwo ntchito yake yadziwika. Ndimautsinda ndi bolopeni.

Tikalumikiza zonse tipeza kandime aka, kopanda kukoma kulikonse, ndipo ndi mmene kayenera kukhalira: Tambala amene ndinasungira mlendo wakalamba. Tsumba lake lapendekera mbali imodzi, ndipo mpeni womuphera wachita dzimbiri. Ndege ya Wenela inadutsa, mthunzi wake unagwa pabwalo. Inanyamula khasu n'kundisiyira mpini. Pa mtengo paja tinapanganirana pamera nansongole. Dzulo ndamasula phukusi lomaliza la mfutso. Amene ankabwera anabwera atasenza masutikesi, ndipo anandipatsa moni akuyang'ana zala. Akale anati mlendo ali ngati mame, koma wanga anauma dzuwa lisanatuluke. Kukacha, iwe tambala, ulire ndithu, usaope ine. Uli ndi moyo chifukwa iye wachedwa.

Kandime kotere ndimakawerengera munthu amene sanaione ndakatuloyo, kawirikawiri mdzukulu wa mchemwali wanga wa Sitandade 6. Akatha kundiuza kuti ndani ali kuti ndipo chachitika n'chiyani, ndayala bwino. Akafunsa kuti "nanga ndege inanyamuliranji khasu?" ndiye kuti ndayala bwino kwambiri, chifukwa funso limenelo ndilo khomo la kumasulira, ndipo lafika pa nthawi yake.

Nanga Kamuzu wanga uja? Sindinena kuti wafa. Munthu angathe kunenabe kuti tambala wokalamba amene ali moyo chifukwa wina wachedwa kubwera ndi nkhani ya ndale, ndipo mu 1976 panali anthu ambiri amene anathawa dziko pambuyo pa mkangano wa nduna wa 1964. Koma tsopano wonena zimenezo ali ndi ngongole yoti alipire pa mzere uliwonse. Atiuze za Wenela, za mtengo wa pangano, za chikwatu, za masutikesi. Pa mizere khumi ndi iwiri, malingaliro anga oyamba aja ankalipira pa 1, 2 ndi 12, mwinanso 11. Malingaliro oti ndi munthu wodikira wake amene anapita ku migodi amalipira pa yonse. Umu ndi momwe ndimaweruzira matanthauzo awiri akamakangana, ndipo popanda kuyala sindikanakhala ndi powerengera.

Ndisabise, kuyala kumataya zambiri. Kugunda kwa "obwera adabwera" kwatha, kufupika kwa mzere womaliza, komwe kumagwa ngati chitseko, kwathanso. Ndakatulo zodzaza ndi mvekero zimavuta koposa: "phwii", "zii", "balala" ukaziyala zimasanduka chiganizo chozizira, choncho ndimasiya mvekeroyo m'malo mwake n'kungofotokoza pambali kuti ndi phokoso kapena kaonekedwe ka chiyani. Ziliponso ndakatulo zimene chiganizo chake chinathyoledwa dala, moti ukachilumikiza ndi mphamvu wanama. Pamenepo ndimalemba zidutswazo monga zidutswa, n'kuvomereza kuti mneni palibe. Ndipo ndikamaliza kuyala ndimabwerera ku ndakatulo yeniyeniyo n'kuiwerenganso mokweza, chifukwa zimene kuyala kwalephera kunyamula zimaonekera bwino pa nthawi imeneyo, ndipo n'zimene munthu amalemba akafunsidwa za luso la mlakatuli. Kwa ana okonzekera mayeso a MSCE, amene alibe nthawi yolemba zonsezi m'chipinda cha mayeso, ndimati ayale ndakatulo khumi kunyumba ndi pensulo ndi bolopeni, kuti pofika tsikulo aziyala ndi maso m'mphindi zisanu. Pa ndakatulo za Chingerezi njira ndi yomweyi, kungoti agwirizanitsi athu aja kulibe, ndiye kusaka mwininkhani kumatenga nthawi yotalikirapo.

Tchuthi chathachi ndinapita nalo kopelo kumudzi, ndipo ndinawawerengera amayi ndakatuloyo kenako kuyala kwanga. Anamvetsera akusola chimanga. Ndinawafunsa kuti achimwene awo ankanena mkazi wa yani.

"Mkazi?" anatero. "Agogo akotu amenewo. Mng'ono wathu wotsiriza uja anapita ku Joni iwe usanabadwe. Anawalonjeza pa mtengo wa mango wa kuseri kuja kuti abwera ikatha kontirakiti imodzi."

"Nanga mwana wawo yemwe angamutche mlendo?"

"Munthu wochokera ku Joni timamuphera nkhuku ngati mlendo, ngakhale unamubereka wekha." Anataya chitsononkho m'dengu n'kutenga china. "Tambalayo anali wofiira. Anadyedwa ndi vumbwe."